Akakufunsani kuti mukufuna salale yanji pa foni yoyamba, musafulumire kutchula

Foni ija imabwera nthawi yosayembekezera, mwina muli pa buleki kapena mwangotsika basi, munthu akuti waona CV yanu ndipo akufuna mucheze mphindi khumi zokha. Mwacheza bwinobwino kenako akuponya funso lija, inuyo mukuyembekezera malipiro a ndalama zingati? Apa ndi pomwe ambirife timadzigulitsa motchipa, chifukwa mumutu timayamba kuwerengera zomwe tikulandira pano nkuwonjezera pang'ono, ena mpaka timazisintha kupita ku makwacha nkuona ngati ndi chuma chambiri, pomwe renti ndi msonkho tikulipira mu ndalama ya dziko lomwe tikukhala.

Chomwe muyenera kudziwa nchoti ntchitoyo isanalengezedwe bajeti yake imakhala itavomerezedwa kale, yokhala ndi poyambira ndi polekezera. Rikuruta, yemwe ndi munthu wofufuza antchito amene wakuimbirani uja, amaidziwa, inu simukuidziwa. Ndiye mukatchula nambala yotsika alibe chifukwa chokuuzani kuti ayi achimwene kwezani, amangolemba, ndipo nambala imeneyo imakutsatirani mpaka tsiku la ofa. Mukatchula yokwera kwambiri akuchotsani pa mndandanda musanaonane ndi bwana wa ntchitoyo. Ntchito yanu pa foni yoyamba ndi imodzi basi, kuti iye atchule bajeti inu musanatchule kanthu.

Tiyerekeze ndi mayi yemwe ali ku UK, amagwira za maakaunti ndipo pano akulandira mapaundi 28,000 pachaka. Mumtima akuti nditapeza 31,000 ndithokoza Mulungu. Kampani yomwe ikumufuna yaika 34,000 mpaka 40,000 koma pa chilengezo sanalembe. Akangotchula 31,000 ija, mwina ampatsa yomweyo, mwina amukwezera pa 34,000 iye nkusangalala kuti andikomera mtima, osadziwa kuti amuika pansi penipeni pa sikelo. Ndipo sizithera chaka chimodzi ayi, chifukwa inkirimenti ndi penshoni zimawerengedwa ndi maperesenti a salale. Akakweza ndi 3 peresenti, wa 31,000 apeza 930, wa 37,000 apeza 1,110, mpata uja ukungokula chaka ndi chaka.

Ndiye ayankhe bwanji? Mawu ake ndi awa, muwanene m'chilankhulo cha komwe muliko koma tanthauzo likhale lomweli: "Ndikufuna ndimvetse kaye bwino za ntchitoyi ndisananene nambala. Kodi pa udindowu mwakonza ndalama kuyambira zingati kulekeza zingati?" Mukatero khalani chete. Apa ndikutsindika chifukwa ndi pomwe pamavuta, foni ikangoti zii masekondi atatu timaona ngati tachita mwano, ndiye timayamba kudziyankha tokha, "komabe ine ngakhale 30,000 ndingalandire". Ayi, dikirani. Funso limeneli marikuruta amalimva tsiku lililonse, si chipongwe, ndipo ambiri amangoyankha.

Akatchula kuti 34,000 mpaka 40,000, musafuule ndi chisangalalo komanso musavomere nambala iliyonse. Ingonenani kuti ndalamazo zikugwirizana ndi zomwe mumaganiza, ndipo poti ntchito ya mtunduwu mwaigwira zaka zingapo mukuyang'ana chakumtunda kwake, zenizeni mudzakambirana mukamva zonse. Kwatha, pitirizani nkhani zina.

Koma ena amakakamira. Amati tikufuna tingodziwa ngati tikugwirizana kuti tisatayitsane nthawi. Kachiwiri aka mutha kuzembabe mwaulemu pofunsa zomwe zili mkati mwa malipirowo, maola ndi angati pa sabata, ovataimu amalipira kapena ayi, penshoni kampani imaikapo zingati, masiku a tchuthi ndi angati. Awa si mafunso ongotayitsa nthawi. Mapaundi 36,000 pa maola 37.5 pa sabata ndi pafupifupi 18.46 pa ola, koma ndalama yomweyo pa maola 45 ikutsika kufika pa 15.38, ndiye mungatchule bwanji nambala musanadziwe zimenezi?

Akafunsa kachitatu, yankhani. Ine sindigwirizana ndi anthu omwe amati osatchula zivute zitani, chifukwa mukazemba katatu mumayamba kuoneka ovuta kugwira nanu ntchito ndipo munthuyo ali ndi ma CV ena patebulo. Nchifukwa chake nambala muyenera kukhala nayo foni isanalire. Tsegulani zilengezo zisanu kapena khumi za ntchito yofanana mu mzinda womwewo, zomwe zalemba malipiro, onaninso pa masamba a pa intaneti a za ntchito monga Glassdoor ndi Indeed, lembani pa kapepala. Mayi wathu uja akapeza kuti ambiri akulipira 35,000 mpaka 41,000 anene kuti malinga ndi zomwe ndaona pa msika ndikuyang'ana 37,000 mpaka 41,000, kutengera zina zomwe zili mu kontirakiti. Samalani ndi nambala yam'munsiyo, chifukwa ndi yomwe amaimva. Mukati 32,000 mpaka 40,000 ndiye kuti mwanena 32,000. Ikani pansipo ndalama yomwe mungasainire mtima uli m'malo, ndipo nenani momveka kuti mukukamba ya pachaka msonkho usanadulidwe, poti enafe tinazolowera kuwerenga yomwe imalowa ku banki pamwezi.

Nanga akati pano mukulandira zingati? Osanama, zikadzadziwika akhoza kubweza ofa. Nenani kuti malipiro a komwe muli simukufuna kuwatchula chifukwa udindo wake ndi wosiyana, mukufuna muyezedwe ndi ntchito yatsopanoyi. Malo ena lamulo lili mbali yanu, ku America m'chigawo cha California kuyambira 2018 olemba ntchito saloledwa kufunsa zomwe munkalandira kale, m'chigawo cha Colorado kuyambira 2021 chilengezo cha ntchito chiyenera kuonetsa malipiro, ndipo mayiko a EU anagwirizana mu 2023 za lamulo lofananako. Fufuzani za komwe inu muli.

Chinanso, rikuruta wa ku ejensi amalipidwa ndi kampani, kawirikawiri peresenti ya salale yanu ya chaka choyamba, ndiye akhoza kukuuzani kuti inu mukalandira zambiri nanenso ndipindula, ndiuzeni nambala yotsikitsitsa yomwe mungavomere. Nzoona pang'ono koma werengani. Ngati amatenga 20 peresenti, kukukwezerani ndi 2,000 iye apeza 400 yokha, pomwe ntchito ya 35,000 ikalephereka ataya 7,000. Chomwe akufuna kwambiri nchoti musaine msanga. Ndiye yotsikitsitsa yanu isungeni mumtima, iye muuzeni yomwe mukufuna.

Pa fomu ya pa intaneti pakakhala bokosi la Expected salary, lisiyeni lopanda kanthu ngati likulola, kapena lembani Negotiable. Likakana zilembo ikani nambala ya chapakati kapena chakumtunda pa zomwe munafufuza zija, kenako pa intavyu mudzanene kuti fomu inakukakamizani koma zenizeni zidalira zomwe mumve za ntchitoyo.

Pali ntchito zomwe zonsezi sizithandiza kwenikweni, monga za boma kapena za NHS, bungwe la zipatala za boma ku UK, zomwe zili ndi magiredi olembedwa poyera, kumeneko chofunsa ndi giredi yomwe akuikani komanso ngati zaka zomwe munagwira kale aziwerengera. Ndipo ngati viza yanu idalira kampaniyo, onani kaye pa tsamba la boma malipiro otsikitsitsa omwe viza imeneyo ikufuna pa ntchito yanu, chifukwa amasinthasintha, ndipo mukasainira malipiro osafika pamenepo viza siituluka ngakhale kampani itakukondani bwanji.