Momwe mungachongere mbali yotsutsa m'chimangirizo cha mtsutso

Ndikamachonga chimangirizo cha mtsutso, mbali yotsutsa pamodzi ndi yankho lake ndimaipatsa malikisi 10, ndipo ndimawagawa panayi. Tiyerekeze kuti wophunzira walemba kuti mafoni aletsedwe m'kalasi.

Yambani ndi kupeza pomwe walola otsutsana naye kulankhula, mudulepo mzere kunsi. Apa pali malikisi 3. Dzifunseni kuti, munthu wofuna mafoni atawerenga, angavomere kuti maganizo ake ndi amenewadi? Wongolemba kuti "ena amati mafoni ndi abwino" mpatseni 1, chifukwa sanatchule chifukwa chilichonse. Wathuyu walemba kuti foni imathandiza wophunzira kupeza msanga tanthauzo la mawu ovuta. Mfundo yake ndi yeniyeni, koma wangoitchula osaitambasula, ndiye apate 2.

Kenako yang'anani ngati yankho likuyankhadi mfundo yomweyo. Pamenepa ndimaikapo malikisi 4, ndipo mpomwe zinkandivuta kwambiri, chifukwa chiganizo choyamba ndi "komabe" chimamveka ngati yankho ngakhale chisakuyankha kanthu. Wophunzira wathu wapitiriza kuti: "Komabe mafoni amabedwa kawirikawiri, ndipo makolo amadandaula." Chiganizocho n'chosalala, mwinanso n'choona, koma nkhani ya kupeza matanthauzo wangoilambalala. Wangowonjezera mfundo ina ya mbali yake.

Njira yogwirira zoterezi ndi iyi. Phimbani mfundo yotsutsa ija ndi dzanja, muwerenge yankho lokha, ndipo muyese kulota chomwe likuyankha. Mukawerenga za kubedwa, mungaganize kuti otsutsa anati mafoni ndi osavuta kusunga. Mukachotsa dzanja n'kupeza zosiyana, musapitirire 1. Malikisi onse 4 ndi a yemwe wavomera kuti foni imathandizadi pa matanthauzo, kenako n'kusonyeza kuti buku lotanthauzira mawu limagwira ntchito yomweyo popanda mauthenga osokoneza. Kuvomera pang'ono koteroko musakuyese kufooka. Ine ndimakuwerengera kwambiri, popeza kumasonyeza kuti mwana wamvetsa zomwe akutsutsa. Woyankha mfundo yoyenera koma mongokana, osafotokoza, apate 2.

Chenjeraninso ndi zimangirizo zolembedwa kale zomwe anthu ena amagulitsa kwa ophunzira. Zambiri zimakhala ndi "ena anganene kuti" ndi "komabe" pamalo ake enieni, koma mukaziyesa ndi dzanja lija sizilumikizana.

Umboni uli ndi malikisi 2. Chitsanzo chomveka chochirikiza yankho chitenge onse, pomwe mawu ngati "aliyense akudziwa" sapata kanthu. Wathuyu wangotchula madandaulo a makolo, ndiye 1. Malikisi otsalawo, 1, ndi a kubwerera ku mfundo yaikulu pomaliza ndime, ndipo wachita zimenezo.

Onse pamodzi ndi 5 pa 10. Pambali pa ndimeyo mulembereni kuti: "Otsutsa anena za matanthauzo, iwe wayankha za kuba. Lembanso yankholi."