Foni imene munatumizira amayi, ndani akuwerenga mauthenga ake?

Achimwene anga amakhala ku Joni, ndipo chaka chatha anatumizira amayi foni pa basi. Amayi amakhala ku Chiputula, kuno ku Mzuzu. Foni itangofika, mnyamata wina wa kumsika anaidzaza maapu kuchokera pa foni yake, kenako mdzukulu wa pakhomo anaonjezapo apu ya ngongole za pompopompo. Patapita milungu ingapo, achimwene analandira uthenga woti wachibale wawo ndi wakuba, sabweza ngongole. Uthenga womwewo unafikanso kwa abusa ndi kwa amayi a kumvano. Amayi, amene sanakongole ngakhale tambala, anakhala masabata awiri osapita kutchalitchi chifukwa cha manyazi.

Foniyo sinabedwe, ndipo palibe amene anaithyola. Zonse zinalowera pa khomo limene wina anatsegula yekha podina Allow osawerenga. Inu amene muli kunja, foni imeneyi ndi imene mumalankhulirana ndi kwanu, ndiponso ndi imene imalandira uthenga wa ndalama mukatumiza. Choncho tsiku lina imbani, mupemphe wachinyamata wodalirika akhale pafupi ndi amayi, muone limodzi zilolezo zimene apu iliyonse inapatsidwa. Imbani pa foni ina kuti foni ya amayi ikhale m'manja.

Pa Android njira yake ndi iyi, ngakhale kuti pa Tecno, Itel ndi Samsung mayina amasiyanako pang'ono:

```
Settings > Apps > dzina la apu > Permissions
```

Mukafika pamenepo muona magulu awiri. Pansi pa Allowed pali zimene apuyo yaloledwa kale, pansi pa Not allowed pali zimene ikufuna koma sinapatsidwe. Kutalika kwa mndandanda kusakuopseni. WhatsApp imapempha Camera, Microphone, Contacts ndi Location, ndipo chilichonse chili ndi chifukwa chake: simungajambule mawu popanda maikolofoni, simungaone mayina a abale popanda manambala osungidwa m'foni. Apu yotumizira ndalama ikapempha Camera, nthawi zambiri ndi yojambulira pasipoti ndi nkhope yanu polembetsa. Funso ndi limodzi basi pa mzere uliwonse: kodi apuyi ikapanda kupatsidwa chimenechi, ndi ntchito iti imene ilephere? Mukasowa yankho, chilolezocho chapyola muyeso.

Pa foni ya amayi tinayamba ndi apu ya tochi. Inali ndi Camera, Location ndi Contacts. Za Camera ndingamvetse, poti getsi lili pambali pa kamera, koma tochi ifuna kudziwiranji kumene amayi ali ndi amene amacheza nawo? Tinaichotsa yonse, foni ili kale ndi tochi yakeyake.

Pa apu ya ngongole ija mpamene ndinagwira pakamwa. Pansi pa Allowed panali Contacts, SMS, Call logs ndi zithunzi. Contacts ndiye inapereka nambala ya achimwene ndi ya abusa. Call logs imaonetsa amene mumaimbirana nawo kawirikawiri, kutanthauza amene mungachite nawo manyazi kwambiri. Koma SMS ndi imene imandidetsa nkhawa kuposa zonse, chifukwa apu yololedwa kuwerenga mauthenga imaona uthenga uliwonse wa Airtel Money kapena Mpamba: ndalama zingati zalowa, tsiku liti, zatsala zingati. Imaonanso manambala achinsinsi ogwira ntchito kamodzi amene banki imatumiza, ndi manambala 6 aja otsegulira WhatsApp pa foni yatsopano. Kuyambira 2019, Google inakhwimitsa malamulo kuti maapu wamba a mu Play Store asamapemphe SMS ndi Call logs, ndipo mu 2023 inaletsa maapu a ngongole kufika pa manambala ndi zithunzi za anthu. Ndiye mukapeza apu ya ngongole ili ndi zonsezi, dziwani kuti mwina sinadzere mu Play Store, inachita kutumizidwa ngati fayilo. Apu ya pa foni ya amayi inabwera choncho.

Kuchotsa chilolezo nkosavuta: dinani dzina lake, musankhe Don't allow, kapena Deny pa mafoni akale. Pa Location, Camera ndi Microphone, mafoni atsopano amakupatsaninso Allow only while using the app kapena Ask every time, ndipo zimenezi zimakwanira pafupifupi apu iliyonse. Allow all the time pa Location ndi ya maapu ochepa kwambiri. Musaope kuti muwononga foni. Mukachotsa chilolezo chofunikira, apuyo idzachipemphanso nthawi imene ikuchifuna, ndipo pamenepo mudzaona ndi maso chifukwa chake.

Ngati maapu ndi ambiri ndipo eyataimu ikutha, lowani pa Permission manager, imene imapezeka pansi pa Privacy. Kumeneko mndandanda watembenuzidwa: mukadina SMS muona maapu onse amene ali ndi chilolezocho. Pamayenera kupezeka apu ya mauthenga ndi ochepa odziwika amene anabwera ndi foni. Ife tinapezapo masewera a makhadi.

Pali zilolezo zina zoopsa kwambiri zimene sizioneka n'komwe pa mndandanda wa Permissions, ndipo anthu ambiri amathera poyambapo n'kuganiza kuti amaliza. Lembani mawu akuti Accessibility mu bokosi lofufuzira la mu Settings. Gawoli analipangira anthu ovutika kuona kapena kugwira foni, ndipo apu yololedwa kumeneko imatha kuona zimene zili pagalasi ndi kudina mabatani yokha, ngati munthu wakhala pambali panu akusuzumira. Apu ya ngongole, ya masewera kapena yoti imayeretsa foni ilibe chochita kumeneko. Kenako fufuzani Special app access. Muonemo Notification access, imene imawerenga uthenga ukangotulukira pamwamba ngakhale chilolezo cha SMS mutachotsa. Muonenso Display over other apps, imene imalola apu kuphimba apu ina ndi tsamba lake, mwina lonamizira la banki. Apu ikamakana kuchotsedwa, batani la Uninstall litazilala, onani pa Device admin apps, muichotse kaye pamenepo. Pa Install unknown apps tsekani zonse, ndiye khomo limene apu ya ngongole ija inalowera.

Amene muli ndi iPhone, zilolezo zili pa Privacy & Security mu Settings. Kumeneko maapu sapatsidwa mwayi wowerenga mauthenga a SMS, koma Contacts, Photos ndi Location muziyang'ane chimodzimodzi.

Ndikuuzeni mosabisa chimene kuchotsa chilolezo sikungachite. Manambala amene apu inatenga kale ali pa makompyuta a eni ake, ndipo sabwerera. Ndi chifukwa chake mauthenga onyoza aja anapitirirabe masiku angapo titaichotsa. Tinasintha nambala yachinsinsi ya Mpamba ya amayi, tinayatsa Two-step verification pa WhatsApp, imene imaonjezera nambala ina yachinsinsi polowa, ndipo achimwene analembera abale onse kufotokoza zimene zinachitika. Abusa anapita okha kukawaona amayi.

Foni yanunso muichite zomwezi usiku uno, poti ndi imene ili ndi chithunzi cha pasipoti, chitupa chogwirira ntchito ndi nambala ya abwana anu. Ndipo mukamadzatumiza foni ina kumudzi, ikani nokha maapu ofunika muli komweko, mukonze zilolezo zake, kenako muwauze amayi kuti wina akafuna kuikamo kanthu ayambe wakuimbirani.