Ketamini ndi chikhodzodzo: mmene mungadziwire kuti vuto layamba, ndi zoti muchite muli kunja

Ambiri a ife tinakumanapo ndi ketamini osadziwa dzina lake. M'zipatala za m'maboma ku Malawi, ndi amodzi mwa mankhwala amene amagonetsera munthu pa opaleshoni, chifukwa satsitsa kuthamanga kwa magazi ndipo nthawi zambiri munthu amapitiriza kupuma yekha popanda makina. Anapangidwa ku America mu 1962, ndipo bungwe la WHO limawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri. Akaperekedwa kamodzi kuchipatala sawononga chikhodzodzo, choncho wina akauzidwa kuti amugoneka ndi ketamini asachite mantha.

Nkhani ili pa ketamini wa mumsewu, ufa woyera wonga timibulu ta shuga umene achinyamata ku Mangalande amafwenthera m'mphuno. Amautcha keti kapena K. Ndi wotchipa kuposa kokeni, sununkha ngati chamba, ndipo pakatha ola limodzi munthu amaoneka ngati wabwerera mwakale. N'chifukwa chake kholo likhoza kukhala ndi mwana m'nyumba chaka chathunthu osazindikira kanthu. Si ana okha ayi. Akuluakulu otopa ndi mashifiti ausiku, osowa tulo, osungulumwa, nawonso amagwamo.

Ketamini amatseka timakomo tina ta m'maselo a ubongo totchedwa NMDA, timene mauthenga ochokera m'thupi amadutsiramo. Maso amaona, makutu amamva, khungu limakhudzidwa, koma uthenga sufika bwino kwa mwini wake. Munthu amamva ngati thupi si lake, miyendo imalemera, lilime limakanika, nthawi imasokonekera. Akawonjeza muyezo amafika pamene iwo amati walowa m'dzenje la K: ali phee, maso ali tong'o, osayankha, osatha kusuntha. Pamenepo akhoza kupsa ndi chitofu kapena kuthyoka mwendo osamva ululu, akhoza kusanza n'kutsamwa, akhoza kumira m'bafa la madzi ochepa. Matthew Perry, wochita zisudzo wa ku America, anapezeka atafa m'madzi kunyumba kwake mu Okutobala 2023, ndipo madokotala anati chinamupha ndi ketamini. Kusakaniza ndi mowa kapena mapiritsi ogonetsa ndiye kumafooketsa kupuma kumene.

Ali ndi abale ake m'gulu lomweli la mankhwala olekanitsa munthu ndi thupi lake. Pali PCP, pali DXM wopezeka m'mankhwala ena a chifuwa, ndi mpweya woseketsa umene amapumira m'mabaluni. Mukapeza timabotolo tachitsulo tating'ono tonyezimira m'chipinda cha mwana kapena m'galimoto, ndi umenewo. Uwo umaononga vitamini B12 m'thupi, munthu n'kuyamba dzanzi m'mapazi mpaka kulephera kuyenda. Koma pa za chikhodzodzo, wodziwika ndi ketamini.

Chimachitika n'chakuti chiwindi chikaphwanya ketamini, zotsalira zake zimatuluka kudzera mu impso n'kukakhala mu mkodzo. Mkati mwa chikhodzodzo muli kachikopa kopyapyala kamene kamateteza mnofu kuti usawauke ndi mkodzo. Zotsalira za ketamini zimasupula kachikopa kameneka, pamabuka zilonda, mkodzo n'kumalowa pa mnofu wosatetezeka. Thupi poyesa kupoletsa limapanga zipsera, ndipo chipsera sichitamuka. Chikhodzodzo cha munthu wamkulu chimasunga mamililita 400 mpaka 600, pafupifupi botolo la madzi la theka la lita. Choonongeka ndi ketamini chimatha kufota n'kumasunga osafika 100, mwa ena 50 okha. Madokotala a ku Toronto ndi ku Hong Kong ndi amene anayamba kulemba za vutoli mu 2007, ndipo kafukufuku wina wa ku Mangalande wa mu 2012 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi ogwiritsa ntchito ketamini anali ndi vuto la mkodzo.

Tiyerekeze mnyamata wa zaka 23 amene amagwira ntchito yosamalira okalamba. Anayamba keti Loweruka lokha ndi anzake. Thupi limazolowera msanga mankhwalawa, ndiye pakutha miyezi ingapo akufunika wochuluka kuti amve zomwe ankamva, ndipo wayamba kumakoka mkati mwa sabata akaweruka. Chizindikiro choyamba ndi chaching'ono: akudzuka kawiri katatu usiku kukataya madzi. Kenako mkodzo ukamugwira sungadikire, amathamanga, koma zotuluka ndi madontho. Pansi pa mchombo pamapweteka chikhodzodzo chikamadzaza, pokodza pamaotcha. Tsiku lina akuona magazi, nthawi zina timagulu ta magazi oundana kapena zonanda ngati mamina.

Apa ndi pamene ife Amalawi timasochera. Magazi mu mkodzo kwathu ndi likodzo, ndipo mnyamatayo anasambirako kunyanja atapita kutchuthi, ndiye wina amutumizira mapiritsi a likodzo kuchokera kumudzi. Kuotcha pokodza ena ati chinzonono, iye n'kuchita manyazi. Kukodzakodza azakhali ati ndi shuga. Akapita kwa dokotala osatchula ketamini, amupatsa maantibayotiki poganiza kuti ndi tizilombo ta m'njira ya mkodzo. Amwa, osasintha. Apitanso, mkodzo utumizidwa kulabu, zotsatira zibwera zoti mulibe tizilombo. Chimenecho ndiye chizindikiro chachikulu: ululu ulipo, magazi alipo, koma kulabu sakupeza kanthu ndipo mankhwala sakugwira. Likodzo ndi loyenera kuliyeza ndithu, ndipo muwauze adokotala kuti munasambira m'nyanja ya Malawi chifukwa ambiri kuno saliganizira. Koma mawu akuti ketamini atuluke pakamwa tsiku lomwelo.

Chimene chimandipweteka kwambiri pa matendawa n'chakuti ketamini ndi mankhwala opha ululu amphamvu. Mnyamatayo chikhodzodzo chikamubaya, amadziwa kuti akakoka pang'ono ululu uleka kwa ola. Umalekadi, koma zilonda zikukula. Ukabwerera ukhala woposa, iye awonjezanso. Ambiri amadwalanso m'mimba chakumtunda, kupotokola koopsa kochokera ku njira za ndulu, ndipo nakonso amakuziziritsa ndi keti yemweyo. Choncho kumukalipira kuti "ungosiya basi" sikuthandiza ngati palibe amene akumuthandiza pa ululuwo. Akufunika dokotala wa chikhodzodzo ndi anthu othandiza kusiya mankhwala pa nthawi imodzi.

Musanapite kuchipatala chitani ichi kwa masiku atatu. Gulani kajagi ka pulasitiki kokhala ndi mizere ya mamililita. Nthawi iliyonse mukakodza, kodzerani mmenemo, lembani nthawi, kuchuluka kwake, ngati munali magazi, ndi ululu kuyambira 0 mpaka 10. Lembaninso zimene mwamwa ndi tsiku limene mwagwiritsa ntchito ketamini. Munthu wabwinobwino amakodza maulendo 6 mpaka 8 pa tsiku, ndipo usiku kamodzi kapena osadzuka n'komwe. Ngati pepala likuonetsa maulendo 20 ndipo palibe ulendo wofika mamililita 150, dokotala aona yekha kukula kwa vuto. Pemphani kuti ayeze magazi kuona mmene impso ndi chiwindi zikugwirira ntchito, ajambule impso, ndipo akutumizeni kwa katswiri wa njira ya mkodzo, amene mwina adzalowetsa kakamera kuona mkati mwa chikhodzodzo.

Za impso musazinyozere. Chikhodzodzo chikauma, kapena timapaipi tochokera ku impso tikaphinjika ndi zipsera, mkodzo umabwerera m'mwamba, impso n'kutupa, ndipo izi zimatha kuchitika mwakachetechete. Ululu wa m'mbali mwa msana, kutentha thupi ndi kunjenjemera, kulephereratu kukodza, magazi ambiri oundana, kapena maso achikasu, zimenezo ndi za tsiku lomwelo: imbani 111, nambala ya thandizo la zachipatala ku Mangalande, kapena pitani ku chipinda cha matenda adzidzidzi. Munthu akakomoka kapena akamapuma movutikira, imbani 999, mugonekeni chammbali, musamusiye yekha, ndipo auzeni a ambulansi zimene wagwiritsa ntchito.

Kodi chimachira? Ngati munthu wasiya msanga, kachikopa kaja kamamera ndipo ambiri amapeza bwino pakapita masabata kapena miyezi. Mu kafukufuku wa 2012 uja, pafupifupi theka la amene anasiya anati zizindikiro zinachepa. Kumwa madzi okwanira ndi kupewa khofi, mowa ndi zakumwa zopatsa mphamvu kumachepetsa kuwawa, koma madzi sateteza chikhodzodzo cha munthu amene akupitiriza. Kuchipatala kuli mapiritsi oziziritsa chikhodzodzo, mankhwala othira mkati mwake kudzera m'kapaipi, ndi jakisoni wofewetsa mnofu wake. Zipsera zikakhwima ndiye sizibwerera. Pamenepo pamatsala opaleshoni yokulitsa chikhodzodzo ndi chigamba cha matumbo, kapena kuchichotseratu, munthu n'kumavala thumba la mkodzo pamimba moyo wake wonse. Izi zachitikira anthu a zaka za m'ma 20. Madokotala kawirikawiri sachita opaleshoni yotereyi munthu asanasiyiretu kwa miyezi ingapo, chifukwa ketamini akhoza kuononganso zimene akonzazo.

Kusiya kumakhala ndi masiku ovuta: chilakolako champhamvu, nkhawa, thukuta, kusowa tulo, kukhumudwa. Ululu wa chikhodzodzo umamveka kwambiri sabata zoyambirira poti chimene chinkaubisa chachoka, ndipo apa ndi pamene ambiri amabwerera. Wachibale adziwiretu zimenezi, akhale pafupi. Munthuyo akayamba kulankhula zodzipha, musadikire kuti kuche, imbani 111 kapena 999.

Ndikudziwa chimene chimatitseka pakamwa: mapepala. Ku Mangalande ketamini ali m'gulu B kuyambira 2014. Kupezeka naye chilango chake chimafika zaka 5, kugulitsa kapena kugawira mnzako zaka 14, ndipo mlandu wotero ukhoza kuononga viza ndi ntchito. Koma mlandu umabwera ukagwidwa ndi apolisi. Dokotala ali ndi udindo wosunga chinsinsi cha wodwala, ndipo kumuuza zimene wagwiritsa ntchito si kudzipereka kupolisi. Ku England aliyense akhoza kulembetsa kwa GP, dokotala wa m'dera lake, kwaulere mosayang'ana mapepala ake. Malo othandiza kusiya mankhwala ozunguza bongo alipo m'dera lililonse, salipiritsa, ndipo mukhoza kudzipititsa nokha osadzera kwa GP. Nambala ya FRANK, amene amapereka uphungu pa za mankhwala ozunguza bongo, ndi 0300 123 6600, imayankhidwa usana ndi usiku, safuna dzina lanu, ndipo kholo kapena mnzake wa munthuyo akhoza kuimba. Amene muli ku Joni, funsani nthambi imene ili pafupi nanu ya SANCA, bungwe lothandiza anthu kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo.

Kwa makolo ndi azakhali, zoyang'ana ndi izi: mwana wotha nthawi m'chimbudzi usiku, mphuno yotuluka mamina kapena magazi kosatha, kuonda, kuiwalaiwala, kugona atakumbatira botolo la madzi otentha pamimba, timapepala tapulasitiki tokhala ndi ufa woyera. Musayambe ndi kumuopseza kuti mumutumiza kumudzi, kapena kuitanitsa msonkhano wa abale. Yambirani pa ululu, pamene iye akuvutikira kale: "Mwanawe, ndikukumva ukudzuka usiku. Pokodza pakupweteka? Mawa tipitire limodzi kwa dokotala, ine ndikadikira panja, iwe ukanene zonse."