Khungu lasanduka olenji kapena latuwa mbuu pa chithunzi? Yambani ndi White Balance

Aliyense wojambula pa makichini pate ndi maukwati muno mu Lusaka amalidziwa dandaulo ili: "Ine sindine wofiira chonchi," kapena "Mwandituwitsa ngati sindinadzole mafuta." Kawirikawiri mavuto awiriwa amachitika pa chithunzi chimodzi chomwecho, motsatana. Nkhope imayamba yaoneka olenji, wokonza n'kuthamangira kuchotsa mtundu wa olenji, mapeto ake nkhope n'kutuwa. Vuto silinali pa khungu ayi. Linali pa kuwala kumene munthuyo anaimamo, ndipo n'kumene muyenera kuyambira.

Kuwala kulikonse kuli ndi mtundu wake, ngakhale maso athu sauona chifukwa amazolowera msanga. Mtunduwu amauyeza ndi manambala a Kelvin, olembedwa K. Babu lachikasu la m'holo limakhala pakati pa 2700K ndi 3200K, dzuwa la masana lili cha pa 5500K, pamene mthunzi wa pansi pa mtengo kapena kuseri kwa nyumba umafika 7000K n'kupitirira, ndipo umapendekera ku buluu. White Balance ndi njira youzira kamera kapena pulogalamu kuti kuwala kunali kwa mtundu wanji, kuti chinthu choyera chituluke choyera. Mukaiuza zolakwika, mtundu wa kuwalako umamatirira pa chilichonse, koma timauona kwambiri pankhope chifukwa nkhope ya munthu timaidziwa bwino.

Khungu lakuda lili ndi zake ziwiri zofunika kuzimvetsa. Choyamba, kwa pulogalamu ngati Lightroom, khungu la munthu aliyense, wakuda bii kapena woyererako, limagwera mu mtundu wa Orange, pang'ono mu Red. Lakuda ndi olenji yemweyo koma wodera. Ndiye babu lachikasu likawonjezera chikasu chake pamwamba, nkhope imapsa msanga, ndipo mukachotsa Orange wambiri palibenso mtundu wina wotsala, pamangotsala phulusa. Chachiwiri, khungu lakuda, makamaka lodzola mafuta, limanyezimira. Pachipumi, pamphuno ndi pamasaya pamaoneka mtundu wa kuwala kumene kwagwerapo osati wa khungulo. Munthu akaima mumthunzi thambo lili buluu, malo onyezimirawo amatenga buluu wa kumwamba, nkhope n'kuoneka yotuwa ngakhale simunakhudze chilichonse.

Tiyeni titenge chitsanzo chimodzi tiyende nacho. Ndi kichini pate mu holo ina ku Chilenje, cha m'ma 16 koloko. Mababu a kudenga ndi achikasu, kumanzere kuli mawindo olowetsa kuwala kwa kunja, ndipo kamera inasiyidwa pa Daylight chifukwa wojambula anayamba ndi zithunzi za panja alendo akufika. Mukatsegula mu Lightroom fayilo ya RAW, imene imasunga zonse zimene kamera inajambula zisanakonzedwe, Temp, poikira nambala ya Kelvin ija, ikuwerenga 5500. Nkhope ya mkwatibwi yapsa, ndipo nsalu yoyera ya patebulo yakhala yachikasu. Nsalu imeneyo ndiye mboni yanu: ngati chinthu chimene mukudziwa kuti chinali choyera nacho chasintha, musakhudze khungu, konzani kuwala.

Bwererani poyambira. Dinani Reset kuti muchotse chilichonse chimene munaika, makamaka Presets, zokonzeratu zimene zimasintha mitundu ya chithunzi mukangodina kamodzi. Ma Preset ambiri amene anthu amagawana pa foni amatsitsa Saturation ya Orange, ndiko kulimba kwa mtunduwo, n'kukweza Luminance, ndiko kuwala kwake, chifukwa anapangidwira khungu loyera. Pa khungu lathu zimenezo ndiye zimabweretsa kutuwa. Onaninso Profile. Ngati ili pa Adobe Vivid kapena Adobe Landscape, ibwezeni pa Adobe Color kapena Adobe Portrait. Zimitsaninso Night Shift, True Tone kapena Eye comfort shield pa foni kapena kompyuta yanu, apo ayi mukhala mukukonza chikasu cha pa sikirini osati cha pa chithunzi.

Pezani chinthu chopanda mtundu. Tengani White Balance Selector, kachida kooneka ngati kodonthezera mankhwala m'maso (pa Lightroom Classic dinani W), n'kudina pa chinthu choyera kapena chotuwa chimene chili m'kuwala komwe kuli nkhope. Apa ndiye ambiri amaphonya. Khoma la pafupi ndi windo likulandira kuwala kwa kunja pamene nkhope ikulandira kwa mababu, ndiye kudina pakhomapo sikuthandiza. Musadine pamalo oyera kwambiri moti sipakuoneka ulusi wa nsalu, chifukwa pamenepo palibe choti pulogalamu iwerenge. Mano ndi choyera cha m'maso musazikhulupirire, siziyera kwenikweni. Samalaninso ndi diresi la ukwati kapena malaya oyera mbee: nsalu zambiri zotere, ndi sopo wochapira yemwe, zimakhala ndi mankhwala owalitsa amene kamera imawaona ngati buluu. Mukadina pamenepo pulogalamu imathira chikasu kuti ithetse buluuyo, nkhope n'kubwerera ku olenji. Mbale yoyera yadothi, pepala wamba kapena suti yotuwa zimathandiza bwino. Wanzeru amayenda ndi kakhadi kotuwa ka ojambula, n'kupempha munthu akagwire pafupi ndi chibwano pa chithunzi choyamba.

Pa chitsanzo chathu, titadina pa mbale ya patebulo la mkwatibwi, Temp yatsika kufika 3500. Musadabwe kuti nambala ikatsika chithunzi chimazizira. Mukuuza pulogalamu kuti kuwala kunali kwachikasu, iyo n'kuthira buluu wothetsera chikasucho.

Malizani ndi maso. Ine sindisiya Temp pamene kachida kaifikitsa. Chithunzi cha m'holo choyeretsedwa kotheratu chimaoneka chozizira, ndipo khungu lakuda limataya kutentha kwake. Ndimabweza pang'ono, mwina kuchoka pa 3500 kufika 3800, mpaka mbale ikhale yoyera koma nkhope ikhale ya munthu wamoyo.

Kenako Tint, imene ambiri amaiwala. Iyi imayenda pakati pa girini kumanzere ndi pinki kumanja. Machubu aatali a m'maofesi ndi m'matchalitchi, komanso nyale zina zotchipa za LED zimene timayatsa malaiti akapita, zimatulutsa girini wobisika. Girini akagwera pa khungu lakuda saoneka ngati girini, amaoneka ngati kutuwa kwa munthu wodwala. Ngati mwakonza Temp koma nkhope idakali yakufa, kokerani Tint kumanja pang'onopang'ono, mwachitsanzo kuchoka pa +5 kufika +14. Mukaona milomo ndi makutu zikuyamba kupita ku pepo, mwapyola, bwererani.

Ngati maso atopa, funsani manambala. Mu Lightroom Classic, ikani kalozera patsaya, pamalo osanyezimira komanso osakhala mumthunzi, n'kuwerenga R, G ndi B, manambala a kufiira, girini ndi buluu, pansi pa Histogram. Pa khungu la munthu R amakhala pamwamba, G pakati, B pansi. Palibe nambala imodzi yoyenera aliyense, poti ngakhale a bere limodzi sakhala ndi khungu lofanana, koma kutalikirana kwa atatuwa kumanena zambiri. Kuwerenga ngati 38, 30, 24 ndi kwa khungu lakuda looneka bwino. Akayandikana, monga 33, 31, 30, nkhope yatuwa. B akagwa kwambiri R ali pamwamba, yapsa.

Kuwala kwa nkhope. Kutuwa kwina sikuchokera ku mtundu konse koma ku kuwalitsa mopyola. Wokonza amaona nkhope yakuda n'kuganiza kuti chithunzi chada, ndiye amakoka Shadows mpaka +80, n'kutsitsa Highlights mpaka -100 kuti diresi lisayere mopyola. Shadows yochuluka imachotsa mithunzi imene imaumba nkhope n'kutulutsa timadontho ta mitundu yosokonekera, pamene Highlights yotsika kwambiri imasandutsa kunyezimira kwa pachipumi kukhala zigamba zotuwa. Kwezani Exposure pang'ono, mwina +0.30, Shadows isapyole cha pa +25 ngati chithunzi chinajambulidwa bwino, ndipo Blacks muisiye pansi kuti tsitsi ndi nsidze zikhalebe zakuda. Munthu wakuda atuluke wakuda. Kunyezimira pang'ono musakuope, n'kumene kumaonetsa kuti khungu ndi losalala.

Tsopano mungakhudze Orange. Mukafika apa, nthawi zambiri pamakhala patatsala zochepa. Mu Color Mixer, kapena HSL pa mapulogalamu akale, sankhani Orange. Hue kumanzere imafiiritsa, kumanja imapititsa ku chikasu. Yendani timasitepe tating'ono: Saturation -8, Hue -3, basi. Mukapezeka mwafika -30, dziwani kuti Temp idakali yolakwika, bwererani kumeneko. Kumbukirani kuti chitenje cha olenji, matabwa a mipando ndi dothi lathu lofiira zimasinthira limodzi ndi khungu. Ndipo mukafuna kuti zitenje ziwale, gwiritsani Vibrance osati Saturation, chifukwa Vibrance imasamalako mitundu ya khungu pamene Saturation imangokweza zonse mofanana.

Tabwerera ku mawindo a holo ija. Titatsitsa Temp kufika 3800, tsaya loyang'ana ku mababu lakhala bwino, koma loyang'ana kuwindo lasanduka labuluu. Nambala imodzi singakonze kuwala kwa mitundu iwiri. Tsegulani Masking, tengani Brush yofewa m'mbali, pakani tsaya la kuwindo lokha, n'kukweza Temp ya pamenepo, mwina +15, mpaka masaya awiri agwirizane. Pa foni, Snapseed ili ndi White Balance yokhala ndi kachida kodinira, ndipo Brush yake ili ndi Temperature yopakira malo amodzi. Zomwezi zimathandiza pansi pa tenti yokutidwa ndi nsalu zapinki kapena zagolide, ngakhale nsaluzo zikakhala zamtundu wolimba kwambiri khungu silibwerera lonse. Pamenepo ndi bwino kumutulutsa munthuyo pakhomo pa tenti musanajambule, kapena kuyatsa fulashi.

Chithunzi chimodzi chikakhala bwino, sankhani zina zonse za malo omwewo n'kudina Sync, koma musaphatikize za panja ndi za m'holo.

Zonsezi zimayenda bwino pa RAW. Pa JPEG, makamaka imene yadutsa kale pa WhatsApp, mtundu unaphikidwa kale, ndipo Temp sionetsanso Kelvin, imangoyenda kuchoka -100 kufika +100. Mutha kukonza pang'ono, koma mukakoka kwambiri khungu limachita mathothomathotho. Pemphani fayilo yoyambirira.

Pomaliza pa Export, sankhani sRGB pa Color Space. Mukatumiza mu Adobe RGB kapena ProPhoto RGB, chithunzi chimaoneka bwino pa kompyuta yanu, koma pa mafoni ena ndi kwa otsuka zithunzi ambiri m'tauni chimatuluka chofooka, khungu litatuwa ngati simunakonze kanthu. Musanapereke zonse kwa eni phwando, dzitumizireni chimodzi pa foni n'kuchiona muli panja pamthunzi, ndipo ngati akufuna za m'felemu, tsukitsani kaye chimodzi chaching'ono muone mmene makina a kumeneko akutulutsira khungu.