Mapipu 29 okha: mmene madola 200 amathera pa malonda a foleksi

Ambiri amene amayamba malonda ogula ndi kugulitsa ndalama za maiko pa foni, aja timati foleksi, amaganiza kuti ndalama zawo zingathe pokhapokha msika utagwa kwambiri. Akaona akaunti yauma masana amodzi, amati buloka, kampani imene amadzerako pochita malondawa, wawabera kapena netiweki inawachita chipongwe. Nthawi zambiri palibe wakuba. Mtengo unangosuntha pang'ono, monga umachitira tsiku lililonse, koma katundu amene munthu anasenza anali wamkulu kuposa mphamvu ya ndalama zake. Tiyeni tione mmene zimenezi zimachitikira, ndipo ngati muli ndi cholembera pafupi, werengerani limodzi nane.

Levaleji ndi chilolezo chimene buloka amakupatsani choti mugwire ndalama zambiri kuposa zimene mwasungitsa kwa iye. Akalemba kuti 1:500, ndiye kuti dola imodzi yanu ikhoza kugwira madola 500 pa msika. Iye amangopatula kagawo ka ndalama zanu ngati chikole, ndipo chikole chimenechi ndi chimene chimatchedwa majini. Apa ndi pamene anthu amasokonekera. Chikole n'chochepa, inde, koma phindu ndi kuluza siziwerengeredwa pa chikolecho. Zimawerengeredwa pa ndalama zonse zimene mwagwira.

Titenge munthu amene wasungitsa madola 200, buloka wake akupereka 1:500. Akufuna kugula yuro pa EUR/USD, msika wa yuro ndi dola, mtengo uli pa 1.1000, kutanthauza kuti yuro imodzi ndi madola 1.1000. Pa msika umenewu katundu amayezedwa ndi maloti, ndipo loti imodzi yathunthu ndi mayuro 100,000. Mnzathuyu walemba 0.50 m'kabokosi kolembamo maloti, theka la loti. Pa sikirini kanambala kameneka kamaoneka kakang'ono ngati mtengo wa chitumbuwa, koma ndi mayuro 50,000, omwe pa mtengo umenewu ndi madola 55,000. Mukagawa 55,000 ndi 500 mupeza 110. Buloka wapatula madola 110 ngati chikole, ndipo madola 90 atsala omasuka. Mnzathu uja akumwetulira, akuti wangogwiritsa ntchito theka la ndalama zake, zina zasungika.

Sizinasungike. Mtengo wa EUR/USD umayenda ndi timasitepe totchedwa mapipu, ndipo pipu imodzi ndi 0.0001, monga kuchoka pa 1.1000 kufika pa 1.0999. Pa loti yathunthu pipu imodzi ndi madola 10, choncho pa theka la loti ndi madola 5. Pipu iliyonse imene mtengo watsika ikudula madola 5 pa 200 aja. Ndipotu malonda amatseguka muli kale kumunsi pang'ono, chifukwa mtengo wogulira ndi wogulitsira zimasiyana. Kusiyana kumeneku, sipuredi, ndi kumene buloka amadyerapo. Ikakhala pipu imodzi, madola 5 apita musanaphethire. M'masamu athuwa tiyisiya pambali kuti manambala asachuluke, koma dziwani kuti imangofupikitsa ulendo.

Tsopano yang'anani kunsi kwa sikirini. Pa MetaTrader, pulogalamu yochitira malondawa, pamakhala Balance, Equity, Margin yomwe ndi chikole chija, Free Margin yomwe ndi ndalama zomasuka zija, ndi Margin Level. Oyamba kumene amakonda kuyang'ana Balance, ndipo imawanyenga, chifukwa siisintha mpaka malonda atatsekedwa. Ikhalabe pa 200 ngakhale nyumba ikupsa. Ndalama zanu zenizeni pa mphindi imeneyo ndi Equity, yomwe ndi Balance kuchotsa zimene mukuluza kapena kuphatikiza zimene mukupindula. Koma nambala imene buloka amayang'anitsitsa ndi iyi:

```
Margin Level = Equity / Margin x 100
```

Potsegula, mnzathu uja ali pa 200 kugawa ndi 110, pafupifupi 182 peresenti. Buloka aliyense amaika malire awiri pa nambala imeneyi, ndipo amasiyana, choncho fufuzani a buloka wanu m'mgwirizano umene munavomera musanauwerenge uja. Tiyerekeze kuti chenjezo lili pa 100 peresenti ndipo kutseka mokakamiza kuli pa 50 peresenti, pakuti alipo ambiri amene amaika chomwechi.

Mtengo watsika ndi mapipu 18, wafika pa 1.0982. Mapipu 18 kuchulukitsa ndi madola 5 ndi madola 90. Equity yafika pa 110, yofanana ndendende ndi chikole, ndipo Free Margin yatha. Apa ndi pa majini kolo. Dzinali ndi la kale, pamene buloka ankaimbiradi munthu lamya kumuuza kuti awonjezere ndalama. Lero musayembekezere kuti wina akuimbirani. Mzere umangofiira pa sikirini, mwina uthenga ungalowe pa imelo, basi. Ngati foni ili m'thumba, kapena magetsi athima batire n'kutha, simudziwa n'komwe.

Mtengo watsikanso ndi mapipu 11 okha, wafika pa 1.0971. Onse pamodzi ndi mapipu 29, kuluza madola 145. Equity ili pa 55, theka la chikole. Makina a buloka atseka malonda aja okha osakufunsani, ndipo kuluza kumene kunali kwa pa sikirini kwasanduka kwenikweni. Pa madola 200 patsala 55. Yuro yatsika ndi pafupifupi kota ya peresenti imodzi, kusuntha koti wailesi singakutchule n'komwe, ndipo EUR/USD imayenda mapipu oposa amenewa pa masiku ambiri wamba. Chowawa kwambiri n'chakuti mtengo ukhoza kubwerera m'mwamba madzulo omwewo n'kudutsa 1.1000. Munthu analosera bwino, koma anachotsedwa pa msika zisanachitike.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu amachita akaona mzere ukufiira, ndipo zonse ndimaziletsa. Choyamba n'kugulanso pamene mtengo watsika, ati watchipa. Mnzathu uja akanati, mtengo utatsika ndi mapipu 10, awonjezere 0.10 ya loti, chikole chikanakwera kufika pafupifupi madola 132, ndipo pipu iliyonse ikanayamba kudula madola 6. Akanatsekeredwa pa mapipu 24 m'malo mwa 29. Chachiwiri n'kuthamanga kukatumiza ndalama zina kuti malonda asatsekedwe. Madola 100 owonjezera pa theka la loti amangokugulirani mapipu 20. Ngati ndalamazo ndi za fizi ya mwana kapena zobwereka ku banki mkhonde, mwaika ndalama za anthu ena pa moto kuti mugule ola limodzi kapena awiri.

Funso loyenera kudzifunsa musanadine Buy kapena Sell silakuti buloka akundilola kutsegula zochuluka bwanji. Dzifunseni kuti pipu imodzi ikundidya zingati, ndipo ndingapirire mapipu angati. Ochita malonda ambiri odziwa amatsata lamulo loti pa malonda amodzi asaike pa chiswe zoposa peresenti imodzi kapena ziwiri za akaunti. Pa madola 200, peresenti imodzi ndi madola 2. Ngati mwaona kuti mutuluka mtengo ukakutsutsani ndi mapipu 20, ndipo mwaika pamenepo Stop Loss, lamulo loti makina atseke malonda okha mtengo ukafika pamene mwasankha, gawani madola 2 ndi 20. Mupeza masenti 10 pa pipu, ndipo imeneyo ndi 0.01 ya loti, mayuro 1,000. Ndi loti imeneyi, mapipu 29 aja akanakudyani madola 2.90 okha ngakhale mukanapanda kutuluka, ndipo mawa mukanadzukabe muli ndi akaunti. Buloka ndi yemweyo, 1:500 ndi yomweyo, mtengo wayenda chimodzimodzi. Chasintha ndi kanambala ka m'kabokosi kaja.

Ndikudziwa zimene ena anena: ndiye pa masenti 10 ndingadye chiyani? Zoona, simungadye. Madola 200 sangakupatseni malipiro a pa mwezi popanda kuwaika pa ngozi yoti athe onse, ndipo amene amakuonetsani zithunzi za akaunti yochoka pa 200 kufika pa 2,000 m'sabata imodzi sakuonetsani maakaunti amene anaphulika asanajambule chimenecho.

Maiko ena anaona vutoli n'kuika malamulo. Ku Ulaya, bungwe loyang'anira misika la ESMA linalamula mu 2018 kuti munthu wamba asapatsidwe levaleji yoposa 1:30 pa ndalama zikuluzikulu monga yuro ndi dola, litapeza kuti pakati pa 74 ndi 89 peresenti ya maakaunti a anthu wamba amaluza. Linalamulanso kuti malonda azitsekedwa pa 50 peresenti, ndiponso kuti kasitomala asaluze zoposa zimene anasungitsa. Ku America malire ndi 1:50, ku Japan 1:25. Pa 1:30, theka la loti lija likanafuna chikole cha madola pafupifupi 1,833, ndipo mnzathu wa madola 200 sakanaloledwa n'komwe kulitsegula. Buloka amene akukupatsani 1:500 kapena 1:1000 ndiye kuti akaunti yanu ili pansi pa malamulo a dziko lina, ngakhale dzina la kampaniyo likhale lodziwika ku Ulaya. Werengani kunsi kwa mgwirizano kuti muone dziko limene nthambi yanu inalembetsedwa, ndiponso ngati akulonjeza kuti akaunti siingalowe m'ngongole.

Ngongole imeneyi si nthano. Stop Loss imatseka pa mtengo woyamba umene wapezeka, ndipo msika ukalumpha, mtengowo ukhoza kukhala kutali ndi pamene munaika. Pa 15 Januwale 2015, banki yaikulu ya ku Switzerland inasiya mwadzidzidzi kuteteza mtengo wa mafuranki 1.20 pa yuro, umene inkauteteza kuyambira mu 2011. M'mphindi zochepa yuro inagwa ndi pafupifupi 30 peresenti poyerekeza ndi furanki, ndipo pakatipo panalibe wogula. Anthu anatsekeredwa kutali zedi, maakaunti awo atadutsa kale ziro. Makasitomala a kampani ya FXCM anatsala ndi ngongole ya madola pafupifupi 225 miliyoni, ndipo kampani ya Alpari ya ku Britain inagweratu.

Tsiku ngati limenelo silibwera kawirikawiri, koma kulumpha kwakung'ono kumachitika mwezi uliwonse, ndipo nthawi yake imadziwika. Msika umatseka Lachisanu usiku n'kutsegula Lamulungu usiku, ndipo ukhoza kutsegula pa mtengo wina ngati kwachitika nkhani yaikulu pakatipo. Lipoti la ntchito la ku America, limene kawirikawiri limatuluka Lachisanu loyamba la mwezi, limafika 2:30 kapena 3:30 masana nthawi ya ku Malawi ndi ku Zambia, malingana ndi nyengo ya kumeneko. Pa mphindi imeneyo sipuredi imatanuka ndipo mtengo ukhoza kudumpha mapipu ambiri m'masekondi ochepa. Ngati muli ndi malonda otsegula, onani kalendala ya malipoti m'mawa, ndipo nthawi imeneyo isanakwane chepetsani loti kapena tsekani, kenaka mutsegulenso sipuredi ikabwerera m'malo mwake.