Momwe mungawerengere nthawi imene ndalama ingawirikize kawiri ndi lamulo la 72, ndi pomwe lamuloli limanama

Mwaika K100,000 ku banki, ndipo akuuzani kuti chiwongoladzanja ndi 8 peresenti pachaka. Mukapanda kuikhudza ndalamayo, idzafika liti pa K200,000? Yankho lake mungalipeze muli chiimire pamzere pomwepo. Tengani 72, mugawe ndi 8, mupeza 9. Ndiye kuti zaka 9. Limeneli ndilo lamulo la 72, ndipo si ladzana ayi: katswiri wa masamu wa ku Italy, Luca Pacioli, analitchula kale m'buku lake la masamu lomwe linasindikizidwa ku Venice mu 1494.

Pa 8 peresenti lamuloli limalasa pakatikati penipeni. Mukachulukitsa ndalamayo chaka ndi chaka mpaka zaka 9, mupeza K199,900, kuperewera K100 yokha. Vuto ndi lakuti kuno kwathu nambala zimene timakumana nazo nthawi zambiri si za 8. Ngongole zathu ndi kukwera mitengo kwa zinthu zimayenda m'ma 20 ndi m'ma 30, ndipo kumeneko lamuloli limayamba kuphonya. Limakonzeka mosavuta, koma muyambe mwadziwa kagwiritsidwe ntchito kake.

Choyamba: funsani ngati chiwongoladzanjacho chimaberekanso

Lamulo la 72 limagwira ntchito pokhapokha chiwongoladzanja chikamaphatikizidwa ku mpamba n'kuyamba kubereka nacho. K100,000 pa 8 peresenti imabala K8,000 chaka choyamba. Chaka chachiwiri akuwerengera pa K108,000, ndiye ibala K8,640. Zikamapita choncho, lamuloli n'lanu.

Koma ngati mumatapa K8,000 ija chaka chilichonse kukagulira feteleza, kapena ngati pangano likunena kuti chiwongoladzanja chiziwerengedwa pa mpamba woyamba wokha, iwalani za 72. Pamenepo mugawe 100. Pa 8 peresenti ndi zaka 12 ndi theka, osati 9. Ambiri amagwa apa, asanayambe n'komwe kugawa.

Chachiwiri: gawani, koma musasakanize miyezi ndi zaka

Nambala ya peresenti muilembe momwe ilili, 12 akhale 12, osati 0.12. Yankho limabwera m'nthawi yomwe chiwongoladzanjacho chikuwerengedwera. Chikakhala cha pachaka, yankho ndi zaka. Chikakhala cha pamwezi, yankho ndi miyezi.

Titenge ngongole ya kubanki m'khonde. Tinene kuti mwakongola K50,000 pa 20 peresenti pamwezi, ndipo malamulo a gulu akuti mukalephera kubweza, chiwongoladzanja chimalowa mu ngongole. Mukagawa 72 ndi 20 mupeza 3.6, miyezi itatu ndi theka n'kupitirira pang'ono. Tsopano tiyende nayo ngongoleyo monga mlembi wa gulu angailembere m'kope mwake. Mwezi woyamba ikutha ili K60,000. Wachiwiri K72,000. Wachitatu K86,400. Wachinayi K103,680. Yadutsa K100,000 mwezi wachinayi usanathe. Yankho lenileni ndi miyezi 3.8, ndiye lamuloli lachepetsa ndi masiku osakwana sabata. Pa ngongole ngati iyi kuphonya kumeneku sikungakupwetekeni, chifukwa chimene mumafuna kudziwa mwachidziwa: mukangozemba kubweza miyezi inayi, mudzabweza kawiri.

Chachitatu: onani kuti nambala yanu yatalikirana bwanji ndi 8

Apa ndi pamene pagona nkhani. Pakati pa 6 ndi 10 peresenti lamuloli mungalidalire ndi mtima wonse. Pa 6 limati zaka 12, zoona zake ndi 11.9. Pa 10 limati 7.2, zoona zake ndi 7.27, kusiyana kosakwana mwezi umodzi. Pa 12 limati zaka 6 pomwe zenizeni ndi 6.12. Palibe chodandaulitsa.

Mukatsika pansi pa 8, lamuloli limatchula nthawi yaitali kuposa yeniyeni. Pa 2 peresenti limati zaka 36 pomwe ndalama imawirikiza pa zaka 35. Chaka chathunthu chimamveka chachikulu, koma pa zaka 35 n'kachigamba chabe.

Mukakwera pamwamba pa 8, limatembenuka n'kumatchula nthawi yaifupi, ndipo mpatawo umakula mukamakwerabe. Tiyeni tione bwinobwino pa 24 peresenti pachaka. Lamulo likuti 72 kugawa ndi 24, zaka 3 zokha. Ikani K100,000. Chaka choyamba chikutha muli ndi K124,000. Chachiwiri muli ndi K153,760. Chachitatu muli ndi K190,662. Zaka zitatu zakwana, koma mwaperewera K9,338 kuti mufike pa K200,000. Muyenera kudikiranso pafupifupi miyezi itatu, chifukwa nthawi yeniyeni ndi zaka 3.22. Ngati munalonjeza mmisiri kuti malata adzafika mwezi wakutiwakuti podalira zaka zitatu zija, mudzachita manyazi.

Pa 36 peresenti lamulo limati zaka 2, zenizeni ndi 2.25. Pa 50 limati 1.44, zenizeni ndi 1.71. Ndipo pa 100 peresenti limafika ponena zosamveka: limati miyezi yosakwana 9, chonsecho mwana wa sitandade 7 aliyense akudziwa kuti 100 peresenti pachaka ndiko kuwirikiza kawiri pakatha chaka chenicheni.

Chifukwa chake n'chakuti 72 si nambala yochokera kumwamba. Masamu enieni amatulutsa 69.3, ndipo imeneyo ndiyo yolondola chiwongoladzanja chikamaphatikizidwa ku mpamba mosalekeza, mphindi iliyonse. Koma banki imadikira chaka kapena mwezi uthe kuti ikuphatikizireni, ndipo kudikirako kumachedwetsa ndalama kukula. Chiwongoladzanja chikakula, zimene mumataya podikira zimakulanso, choncho nambala yoyenera kugawa imakwera: pafupifupi 70 pa 2 peresenti, 72 pa 8, kupitirira 77 pa 24. Anthu anakonda 72 chifukwa imagwera pomwe chiwongoladzanja cha masiku onse chinkapezeka, komanso imagawika bwino pamtima ndi 2, 3, 4, 6, 8, 9 ndi 12. Yesani kugawa 69.3 ndi 8 muli mu minibasi muone.

Chachinayi: konzani nambalayo musanagawe

Njira yake nayi. Pa mapointi atatu aliwonse amene chiwongoladzanja chapitirira 8, onjezerani 1 pa 72. Pa atatu aliwonse amene chatsika, chotsaniko 1.

Tibwerere ku 24 peresenti kuja. Kuchoka pa 8 kufika pa 24 ndi 16. Gawani 16 ndi 3, mupeza 5 ndi kachidutswa. Onjezerani pa 72, mwapeza 77.3. Gawani ndi 24, yankho ndi 3.22, ndendende ndi lenileni lija. Pa 50 peresenti: 42 kugawa ndi 3 ndi 14, ndiye 86 kugawa ndi 50, mupeza 1.72 pomwe lenileni ndi 1.71. Pa 2 peresenti chotsani 2, mugawe 70 ndi 2, mupeza 35.

Ine sindivutika n'kuwerenga zonsezi nthawi iliyonse. Ndimangosunga nambala zitatu m'mutu: 72 pa chiwongoladzanja chozungulira 8, 76 pa chozungulira 20, ndi 80 pa chozungulira 30. Zimandikwanira.

Chachisanu: gawani ndi chiwongoladzanja chimene chimafikadi m'manja mwanu

Kuphonya kwa lamulo palokha n'kwa miyezi ingapo. Kuphonya kwakukulu kumabwera mukaika nambala yolakwika. Nambala yolembedwa pachikwangwani cha banki si imene imatsala msonkho ndi ndalama zoyendetsera akaunti zikadulidwa. Tinene kuti msonkho ukutenga gawo limodzi mwa magawo asanu a chiwongoladzanja chanu. 24 peresenti ija yatsika kufika pa 19.2. Mukagawa 76 ndi 19.2 mupeza zaka pafupifupi 4. Munayamba mukuganiza za zaka 3, mwathera pa 4, ndipo chaka chowonjezerachi chambiri chadyedwa ndi msonkho, osati ndi kuperewera kwa lamuloli.

Funsaninso kuti amaphatikiza kangati pachaka. Ena akati 24 peresenti pachaka amatanthauza 2 peresenti mwezi uliwonse, yophatikizidwa mwezi ukatha. Zikatero werengani m'miyezi: 70 kugawa ndi 2, miyezi 35, kuperewera mwezi umodzi kuti zikwane zaka zitatu. Nambala yapachikwangwani ndi yomweyo ya 24, koma wina awirikiza pa miyezi 35, wina pa miyezi pafupifupi 39. Pa ndalama yosunga zimenezi n'zokoma. Pa ngongole n'zowawa, ndipo obwereketsa ambiri amawerengera pamwezi.

Pali chinanso. Lamuloli limaganiza kuti chiwongoladzanja sichisintha kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Akaunti ya fikisidi ya miyezi itatu ikatha, banki ikhoza kukupatsani nambala ina poiyambitsanso. Phindu la masheya nalo limakwera n'kutsika. Pa zoterezi yankho lanu lizitengedwa ngati chithunzithunzi, osati tsiku loti mulembe pakalendala.

Lamulo lomweli pa kukwera mitengo

Mitengo ya zinthu imakwera pamwamba pa mitengo yomwe yakwera kale, choncho masamu ake ndi omwewa. M'zaka za 2023 ndi 2024 kukwera mitengo kwa zinthu m'Malawi kunkazungulira 30 peresenti pachaka. 72 kugawa ndi 30 kumapereka zaka 2.4. Mukakonza, 22 kugawa ndi 3 ndi 7.3, ndiye 79.3 kugawa ndi 30, mupeza 2.64, zaka ziwiri ndi miyezi pafupifupi 8. Pa liwiro limenelo, katundu wa K100,000 adzafuna K200,000 nthawi imeneyi ikatha, ndipo K100,000 yosungidwa pansi pa matiresi idzagula theka la zomwe ikugula lero.

Tsopano ikani mayankho awiriwa pambali ndi pambali. Ndalama yanu ya ku banki ikuwirikiza pa zaka pafupifupi 4 msonkho utadulidwa, mitengo ikuwirikiza pa zaka 2.64. Pomwe mukudzafika pa K200,000, katundu amene anali wa K100,000 adzakhala ali pafupi ndi K280,000. M'buku la banki ndalama yakula kawiri, kumsika yachepa mphamvu.

Pamene mukufuna yankho lenileni

Ngati mukusayina pangano, musadalire za pamtima. Pa kompyuta kapena pa foni, tsegulani Excel kapena Google Sheets mulembe:

```
=LN(2)/LN(1+24%)
```

Itulutsa 3.22. Sinthani 24 muike nambala yanu. Kakyuleta ya pa foni nayo ili ndi batani la `ln`, ndipo pa mafoni ambiri limaonekera mukaigoneka foniyo chammbali. Pamenepo mulembe 1.24 m'malo mwa `1+24%`, kapena 1.192 ngati mukuwerengera chiwongoladzanja chotsala msonkho utachoka.