Yambani mwapeza chotengera pokonza mndandanda wakale wa MLA

Ophunzira ambiri muno mu Lusaka, a ku UNZA ndi a m'makoleji ena, amakopera kalembedwe ka mndandanda wa mabuku pa mapepala a anzawo amene anamaliza kale. Ngati mnzanuyo analemba pakati pa 2009 ndi 2016 motsata MLA, njira yolembera magwero ya bungwe la Modern Language Association, mukutsatira buku la malamulo ake lachisanu ndi chiwiri, la mu 2009. Lachisanu ndi chitatu, la mu 2016, linasintha maziko ake enieni, ndipo lachisanu ndi chinayi, la mu 2021, linapitiriza njira yomweyo.

Kale nkhani ya m'jenala, buku ndi tsamba la pa intaneti, chilichonse chinali ndi lamulo lakelake. Tsopano funso ndi limodzi: chimene mwawerengachi chili m'kati mwa chiyani? Tomato wopita ku Soweto amakhala m'bokosi, bokosilo lili m'lole. Nkhaninso imakhala m'jenala, ndipo jenalayo mwina mwaipeza pa `JSTOR`, nkhokwe ya majenala ya pa intaneti. Jenala ndi chotengera choyamba, `JSTOR` ndi chachiwiri.

Mumayamba ndi wolemba, mpumiro, kenako mutu wa nkhani, mpumiro. Apa m'pamene chotengera chimayambira, ndipo zonse zofotokoza za icho zimalekanitsidwa ndi mpatuliro: dzina lake, ena amene anathandiza monga mkonzi kapena womasulira, kope lachingati, nambala, wofalitsa, deti ndi malo, omwe ndi masamba kapena adiresi ya pa intaneti. Mpumiro umabweranso pokhapokha chotengeracho chikatha. Chimene palibe mumangochidumpha.

Tiyeni tione nkhani ya Chinua Achebe ya mu 1977 monga inkalembedwera kale. Mawu amene ali pakati pa tinyenyezi amalembedwa mopendekeka.

```
Achebe, Chinua. "An Image of Africa." *Massachusetts Review* 18.4 (1977): 782-94. *JSTOR*. Web. 3 Mar. 2014.
```

Wolemba ndi mutu musazikhudze. Dzina la jenala lilembeni lonse monga lilili pa chikuto, ndi `The` yemwe malamulo akale ankachotsa, ndipo muike mpatuliro. Manambala `18.4` amasuleni kuti owerenga asavutike: `vol. 18, no. 4`. Chaka chituluke m'mikutiro, masamba alandire `pp.` kutsogolo, kenako mpumiro, chifukwa chotengera choyamba chathera pamenepo. `Web.` achoke, pakuti njira imene munawerengera siilembedwanso. M'malo mwake ikani adiresi yokhazikika ya nkhaniyo, imene `JSTOR` imaonetsa pa tsamba lake; apa ndaika timadontho pa malo a nambala yake.

```
Achebe, Chinua. "An Image of Africa." *The Massachusetts Review*, vol. 18, no. 4, 1977, pp. 782-94. *JSTOR*, www.jstor.org/stable/...
```

Deti limene munawerenga silifunika pa nkhani yotere, chifukwa ili ndi deti lake lofalitsidwa. Lisungeni pa tsamba la pa intaneti lopanda deti kapena losinthasintha. Ngati nkhani ili ndi `DOI`, nambala yosasintha yozindikirira nkhani pa intaneti, lembani imeneyo m'malo mwa adiresi, ndi `https://doi.org/` kutsogolo kwake.

Pali malo amodzi pamene ndikufuna musamale kwambiri. Nkhani ya Achebeyi inasindikizidwanso m'mabuku angapo. Ngati inu munaiwerenga m'buku la ku laibulale, chotengera chanu ndi bukulo, osati jenala ya mu 1977. Mudzafunika mkonzi wake, wofalitsa, chaka ndi masamba a m'bukulo. Mukakopera mzere wa jenala pamene manambala a masamba m'nkhani yanu achokera m'buku, aphunzitsi anu akatsegula tsambalo sadzapeza mawu amene mwatchula. Kudziwa kwake n'kosavuta: ngati mwalemba mzere wa jenala, nambala iliyonse ya tsamba imene mwaika m'kati mwa nkhani yanu potchula mawu a Achebewo iyenera kugwera pakati pa 782 ndi 794. Ikakhala 12, ndiye kuti mwasakaniza zotengera.

Buku loima palokha lilibe dzina la chotengera. Mutu wake upendekeke, uthe ndi mpumiro, ndipo wofalitsa ndi chaka zitsatire. Mzinda umene linasindikizidwira uchotseni, kupatula pa mabuku a chisanafike chaka cha 1900 ndi ena ochepa. `Print.` nayenso achoke, pamodzi ndi `n.p.` ndi `n.d.`, zimene zinkasonyeza kuti wofalitsa, mzinda kapena deti sizinalembedwe. `Ed.` wa pambuyo pa mutu asanduke `Edited by`, `Trans.` asanduke `Translated by`. Olemba akakhala atatu kapena kuposerapo, lembani woyamba yekha ndi `et al.`

Musanayambe kukonza, funsani aphunzitsi anu kuti dipatimenti yanu ikutsata buku liti, popeza ena akadali pa lakale. Mukamva yankho, konzani mizere yonse, mzere umodzi umodzi, buku kapena nkhaniyo ili patsogolo panu. Kufufuta `Print.` yense ndi kompyuta nthawi imodzi kumasiya `18.4` ndi mikutiro ya chaka zili pomwepo, ndipo mndandanda umatsala wosakanikirana, theka wakale theka watsopano.